Kukopera kalata ya boma imene mawu ake ena aphimbika ndi zidindo

Kalata yochokera mu ofesi ya boma imasintha maonekedwe pa dzanja lililonse limene yadutsa. Mlembi akaitayipa, bwana amasaina ndipo mesenjala amadindapo chidindo cha ofesi. Ikafika kumene ikupita, kalaliki wa kumeneko amadindanso chosonyeza tsiku limene yalandiridwa, ndipo ngati ndi ya ndalama, patapita nthawi wina amadinda mawu aakulu opingasa osonyeza kuti zalipiridwa, kapena kuti kalatayo yathetsedwa. Aliyense wa anthuwa amaika chizindikiro chake pamene papezeka mpata, ndipo mpata ukasowa amaika pamwamba pa mawu. Patapita zaka 50 kapena 60, kalata ija ikafunika pa nkhani ya malo, ya penshoni, ya ufumu kapena ya mbiri ya banja, pamapezeka kuti tsiku la msonkhano lili pansi pa chidindo, ndipo nambala ya ndalama yadulidwa pakati ndi mzere wa inki yofiira.

Kukopera kalata yotere ndiko kulemba mawu ake onse papepala lina kapena pakompyuta, kuti aliyense athe kuwerenga popanda kugwira yoyambayo. Ntchitoyi imayendera lamulo limodzi lalikulu, lakuti wowerenga kope adziwe zimene wokopera anaona ndi maso, zimene anangoganizira, ndi zimene sanathe kuwerenga. Zitatuzi zikasakanikirana, kope limaoneka lokongola, koma silingadaliridwe, chifukwa palibe amene angadziwe mawu amene analidi pakalata ndi amene anaonjezedwa ndi wokopera.

Kuyang'ana tsamba lonse kaye

Wokopera wodziwa ntchito sayamba ndi mzere woyamba. Amayamba waona tsamba lonse, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuwerenga kuti pali manja angati amene adutsapo. Mawu otayipa ndi dzanja limodzi, siginecha ndi lina, chidindo chilichonse ndi lina, ndiponso timawu ta pensulo ta m'mbali, timene bwana analembera wapansi pake, ndi linanso. Chilichonse amachipatsa nambala papepala lake ndi kulemba pamene chili, mtundu wa inki yake ndi maonekedwe ake, kaya n'chozungulira kapena cha ngodya zinayi.

Kuyamba chonchi n'kofunika chifukwa zilembo za chidindo ndi zilembo za kalata zikapingasana, diso limaziphatikiza. Mzere wopindika wa m'mphepete mwa chidindo ukadutsa pa nambala 3, nambalayo imaoneka ngati 8. Kamchira ka siginecha kakadutsa pa chilembo l, chimasanduka t. Kuti munthu achotse chidindo m'maganizo mwake, ayenera kudziwa kaye mmene chidindocho chimaonekera chili chokha. N'chifukwa chake wokopera amafufuza mufayilo yomweyo kalata ina imene ofesi yomweyo inadinda pamalo oyera. Akaipeza, amadziwa mawu onse a chidindocho, kukula kwake ndi pamene mizere yake imadutsa, ndipo chilichonse chotsala pansi pake n'cha kalata.

Mawu a pachidindo nawonso amakoperedwa, koma paokha, osati pakati pa chiganizo chimene aphimba. Amalembedwa m'chinenero chimene ali. Zidindo zambiri za m'maofesi a boma ndi za Chingerezi ngakhale pamene kalata ili m'Chichewa, ndipo wokopera sazimasulira m'kati mwa kope. Ngati kumasulira kukufunika, kumalembedwa padera. N'chimodzimodzi ndi mayina a malo. Kalata ya nthawi ya Nyasaland ikatchula Fort Johnston kapena Port Herald, kope limalemba momwemo, ndipo kufotokoza kuti kumeneko ndi ku Mangochi kapena ku Nsanje kumapita m'ndemanga za pansi.

Zimene kuwala kumaonetsa

Zida zoyamba ndi wamba: galasi lokuzira zinthu, tochi ndi rula. Makina otayipira akale ankalemba pomenya, ndiye chilembo chilichonse chinkasiya kadzenje papepala. Chidindo cha labala chimangopaka inki pamwamba, sichimenya mwamphamvu chotero. Tochi ikaikidwa chammbali, pafupifupi mogona ndi tebulo, m'chipinda cha mdima pang'ono, timaenje tija timachita mthunzi ndipo chilembo chimaoneka ngakhale inki yake itakwiririka. Kumbuyo kwa tsamba nthawi zina kumaonetsa bwino koposa, popeza kumeneko zilembo zimatumphuka ndipo inki ya chidindo nthawi zambiri siifikako yonse. Zilembozo zimakhala zotembenuka, choncho amaziwerengera pakalilole kapena amajambula chithunzi n'kuchitembenuza pakompyuta. Kuika tsamba pawindo kuti dzuwa liwale kuchokera kumbuyo kumathandizanso pa mapepala opyapyala, koma kwa kanthawi kochepa, chifukwa inki yapepo ya zidindo imafwifwa msanga padzuwa.

Pali zinthu zimene sizichitika pakalata yoyamba, zivute zitani. Inki ya zidindo zambiri imasungunuka ndi madzi kapena sipiriti, ndiye amene ayesa kuipukuta amangoimwaza pamawu amene anali kuoneka. Labala yofufutira imachotsa pamodzi ndi zilembo za pansi. Kudutsitsa cholembera pa zilembo zofwifwa kuti zioneke bwino ndiko kuononga koipitsitsa, chifukwa kuyambira pamenepo palibe amene angasiyanitse dzanja la mlembi ndi la wokonzayo, ndipo kalatayo imakayikitsa ikafika kukhoti. Selotepu ndi kumata kalata m'pulasitiki yotenthetsa nazonso zimatseka njira zonse zimene zafotokozedwazi, popeza timaenje ta zilembo timaphwatalala.

Fotokope wamba siithandiza konse pa ntchitoyi. Makina a fotokope amasandutsa inki yofiira, yabuluu ndi yapepo kukhala yakuda kapena yotuwa, mofanana ndi mawu a pansi pake, ndipo kusiyana kwa mitundu, kumene kukanapulumutsa wokopera, kumatayika. Munthu akabwera ndi fotokope yokha, funso loyamba ndi lakuti kalata yeniyeni ili kuti.

Kulekanitsa inki pakompyuta

Kalata ikapezeka, imajambulidwa pasikana m'mitundu yake yonse, pa 600 dpi ngati zilembo zophimbika n'zazing'ono, ndipo chithunzicho chimasungidwa ngati TIFF. Mtundu wa JPEG umafinya chithunzi n'kusiya timadontho m'mphepete mwa zilembo, ndipo m'mphepetemo ndi mmene wokopera amayang'anitsitsa. Rula imaikidwa pambali pa tsamba pojambula kuti miyeso idzadziwike pambuyo pake.

Chithunzi cha pakompyuta chimapangidwa ndi magawo atatu osanjikizana: lofiira, lobiriwira ndi labuluu. Pepala loyera limawala m'magawo onse atatu, ndipo inki yakuda imada m'magawo onse atatu. Inki yofiira imawala m'gawo lofiira mofanana ndi pepala, choncho munthu akayang'ana gawo lofiira lokha, chidindo chofiira chimazimiririka ndipo mawu akuda amatsala poyera. Chidindo chabuluu chimazimiririka m'gawo labuluu. Chapepo chimavutako, chifukwa chili ndi zofiira ndi zabuluu zomwe, koma chimafwifwa mokwanira m'limodzi la magawo awiriwo. Mupulogalamu yaulere ya GIMP, magawowa amalekanitsidwa motere:

```
Colors > Components > Decompose
Color model: RGB
```

Njirayi ili ndi malire ake odziwika. Chidindo chakuda pa mawu akuda sichilekanitsika motere. Mawu olembedwa ndi cholembera chabuluu pansi pa chidindo chabuluu amazimiririka pamodzi ndi chidindocho. Ndiponso pamene inki inaunjikana kwambiri, monga pamene wodinda anapanikiza mbali imodzi, imada m'magawo onse. M'nyumba zina zosungiramo zikalata muli makamera ojambula ndi kuwala kwa infuraredi, kumene maso saona. Pa kuwala kumeneko inki zambiri za utoto zimaonekera ngati galasi, pamene zolembedwa ndi pensulo, kaboni kapena inki ina iliyonse ya mwaye zimakhalabe zakuda. Zida zoterezi sizipezeka paliponse, ndipo nazonso zimalephera ngati inki zonse ziwiri zili za mwaye.

Mapulogalamu owerenga zilembo okha, otchedwa OCR, sayenera kudaliridwa pamalo ophimbika. Akakumana ndi chidindo amasakaniza zilembo zake ndi za kalata, kapena amaikapo mawu odziwika amene akufanana ndi zimene aona, osasonyeza kuti angopeka. Angathandize kutayipa mizere yoyera, koma mzere uliwonse umene chidindo chaukhudza uyenera kuwerengedwa ndi munthu.

Kuwerenga mpata ndi rula

Zilembo zikakana kuoneka, mpata wake ukhoza kuyezedwa. Pa makina otayipira akale chilembo chilichonse chimatenga malo ofanana, kaya ndi i wowonda kapena m wonenepa. Makina ena ankalemba zilembo 10 pa inchi, ena 12. Pa oyambawo chilembo chimodzi ndi mamilimita pafupifupi awiri ndi theka, ndiye mpata wa mamilimita asanu ndi wa zilembo ziwiri, osati zitatu. Ngakhale popanda rula, wokopera akhoza kuwerenga zilembo za mzere wa pamwamba zimene zili molunjika ndi mpatawo, popeza zilembo za mizere yonse zimaima mondondozana. Mawu alionse amene akuganiziridwa kuti ali pansi pa chidindo ayenera kukwana ndendende mumpatamo. Akasefukira kapena kuperewera ndi chilembo chimodzi, ndiye kuti si amenewo.

Apa kalembedwe ka nthawi ya kalatayo n'kofunika kukadziwa. Alembi ambiri akale, makamaka ophunzira kumishoni, ankalemba c pamene masiku ano pamalembedwa ch, monga mmene zilili m'Buku Lopatulika lakale, ndipo malamulo a kalembedwe amene Bungwe la Chichewa linatulutsa mu 1973 sanasinthe dzanja la aliyense tsiku limodzi. Kwa mlembi wotere «cifukwa» ndi zilembo zisanu ndi ziwiri, osati zisanu ndi zitatu. Wokopera amaona mmene mlembiyo walembera mawu ena pamalo oyera, n'kutsatira zomwezo, ndipo sakonza kalembedweko kuti kafanane ndi ka lero. Makina ambiri akale analibenso batani la nambala 1, ndiye alembi ankamenya chilembo l m'malo mwake. Amene akudziwa zimenezi sadabwa kuona kaphazi ka l kakusuzumira pansi pa chidindo pamalo pamene payenera kukhala nambala.

Pa kalata yolembedwa pamanja kuyeza kotere sikulondola kwenikweni. Wokopera amangonena kuti pasowa zilembo pafupifupi zinayi kapena zisanu, poyerekeza ndi kukula kwa zilembo za mlembiyo pamzere womwewo.

Zizindikiro za m'kope

Mu 1931 akatswiri owerenga zolemba zakale za pamiyala ndi pagumbwa anakumana mumzinda wa Leiden ku Netherlands n'kugwirizana za zizindikiro zosonyeza mawu osowa ndi okayikitsa. Zimene anagwirizanazo ndi zambiri, koma wokopera kalata ya boma amangofunapo zochepa. Zilembo zimene sizikuoneka, koma wokopera wazibwezeretsa poganiza, zimaikidwa m'mabulaketi a ngodya. Zilembo zimene sizikuoneka ndipo sizinabwezeretsedwe zimasonyezedwa ndi timadontho m'mabulaketi omwewo, kadontho kamodzi pa chilembo chimodzi. Chilembo chimene chikuoneka mbali imodzi chabe, akatswiri aja amachiikira kadontho pansi, koma popeza makompyuta ambiri amavuta kulemba kadonthoko, anthu ambiri amangoika chizindikiro cha funso m'mabulaketi. Chofunika n'chakuti pamwamba pa kope pakhale mawu awiri atatu ofotokoza zizindikiro zimene zagwiritsidwa ntchito, ndipo zisasinthe mpaka kumapeto.

Mabulaketi ozungulira sagwiritsidwa ntchito pa zimenezi, chifukwa mlembi wa kalata mwina anali nawo ake, ndipo wowerenga sangadziwe kuti awa ndi a yani. Mizere ya kope imadulidwa pamene mizere ya kalata yadulidwa ndipo imapatsidwa manambala, kuti wofuna kutsimikiza apite molunjika pamalopo.

Chitsanzo cha kalata ya chipukutamisozi

Chitsanzo chongoyerekeza chionetsa mmene zonsezi zimagwirira ntchito pamodzi. Ndi kalata yotayipa m'Chichewa, ya pa 11 Malichi 1968, yochokera ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma kupita kwa mfumu ina, yonena za malipiro a mitengo ya mango imene inadulidwa pokuza msewu. Pali malo atatu ophimbika. Mawu ofiira opingasa osonyeza kuti ndalama zalipiridwa adutsa pa nambala ya ndalama. Chidindo chapepo cha tsiku lolandirira chagwera pa tsiku la msonkhano. Chidindo chakuda chozungulira cha ofesi chaphimba zilembo za pakati pa liwu limodzi mumzere wotsiriza.

Pa ndalama pakuoneka £1, kenako nambala yophimbika, kenako -10-0. Nthawi imeneyo Malawi anali asanayambe kugwiritsa ntchito kwacha, imene inabwera mu 1971, ndiye izi ndi mapaundi, mashileni ndi mapeni, ndipo paundi imodzi inali mashileni 20. M'gawo lofiira la chithunzi mawu ofiira aja akufwifwa, koma pamalo enieniwo inki inaunjikana, ndipo pakuoneka mbali ya kumanja yokha ya nambala, yokhala ndi timimba tiwiri. Ikhoza kukhala 3 kapena 8. Kalata yomweyo ikunena poyera kuti mitengo inali 37 ndipo uliwonse unali mashileni 10. Pamodzi ndi mashileni 370, amene ndi mapaundi 18 ndi mashileni 10. Nambalayo ikanakhala 3, mitengo ikanayenera kukhala 27. Wokopera amalemba 8, koma m'mabulaketi, n'kufotokoza pansi kuti waipeza powerengetsa. Mabulaketiwo sachoka ngakhale masamu atagwirizana bwino chotere, chifukwa masamu amanena zimene mlembi anayenera kulemba, ndipo alembi ankalakwitsa monga anthu ena onse.

Pa tsiku la msonkhano pakuoneka «Lachinayi pa 2», kenako nambala yophimbika, kenako «Malichi». Kalendala ya 1968 ikusonyeza kuti Lachinayi linagwa pa 7, 14, 21 ndi 28 Malichi, ndiye zotheka ndi ziwiri zokha. Ikanakhala 21, pansi pa chidindo pakanaoneka mwendo woongoka wa l ndi kaphazi kake. Pagalasi pakuoneka kamzere kopindika m'munsi. Umboni wa kalendala ndi wa maso wakumana pa 28, koma popeza chimene chikuoneka ndi kachidutswa chabe, wokopera amaika 8 ndi chizindikiro cha funso. Chidindo chomwecho chimene chaphimba tsikuli chikuthandizanso, popeza chikunena kuti kalata inalandiridwa pa 14 Malichi, ndipo msonkhano sukanaitanidwa pa tsiku la m'mbuyo mwa limene kalata inalembedwa.

Malo achitatu ndi amene amayesa wokopera. Mzerewo ukuyamba ndi «Anthu a», kenako mpata, kenako «dule mitengo ina m'mbali mwa msewu». Rula ikunena kuti mpatawo ndi wa zilembo ziwiri. Zimenezi zikuchotsa «adule», amene alibe mpata, ndi «adzadule», amene akufuna zilembo zitatu. Akutsala «asadule» ndi «akadule». Loyamba likuletsa, lachiwiri likulamula, ndipo onse awiri akumveka bwino m'kalata yonena za kukuza msewu: boma likanatha kuletsa anthu kudula mitengo ina isanawerengedwe, ndipo likanathanso kuwatuma kuti akalambule njira. Chilembo k n'chachitali pamene s n'chachifupi, ndiye mutu wa k ukanaoneka pamwamba, koma mzere wokhuthala wa chidindo chakuda wadutsa pomwepo. Inki zonse ziwiri ndi zakuda, choncho kulekanitsa mitundu sikuthandiza. Kumbuyo kwa tsamba nakonso sikuonetsa kanthu, chifukwa kalatayo inapindidwa pamzere womwewo kwa zaka zambiri ndipo timaenje tinaphwatalala.

Wokopera wosaleza mtima amasankha limene likumukomera kapena limene mwini kalata akufuna kumva, makamaka ngati mwiniyo ali pomwepo ndipo akunena kuti agogo ake ankasimba motero. Wokopera woona mtima amasiya timadontho tiwiri n'kulemba zotheka zonse ziwiri m'ndemanga. Kope limakhala lotere:

```
1 Boma lidzalipira mitengo 37 ya mango, uliwonse 10/-,
2 ndalama zonse £1[8]-10-0. Mubwere ku ofesi
3 Lachinayi pa 2[8?] Malichi.
4 Anthu a[..]dule mitengo ina m'mbali mwa msewu.
[chidindo 2, chapepo, pa mzere 3: 14 MAR 1968]
[chidindo 3, chakuda, chozungulira, pa mzere 4]
```

Kope lotere lingaoneke ngati losatha kwa amene sadziwa ntchitoyi, koma ndi lokhalo limene loya, woweruza kapena wolemba mbiri angaimepo. Mpata wosonyezedwa umauza wowerenga pamene ayenera kufufuza. Mawu ongopeka amene alembedwa ngati oona sapereka chenjezo lililonse, ndipo amakoperedwanso kuchoka pakope lina kupita pa lina mpaka aliyense amaiwala kuti panali chidindo.

Siginecha ndi dzina

Siginecha imaphimba mawu ochepa, kawirikawiri mawu otsanzikira ndi udindo wa wosaina, koma imabweretsa vuto lake lina. Anthu amafuna kudziwa amene anasaina, ndipo wokopera amakopeka kuti alembe dzina. Ngati pansi pa siginecha pali dzina lotayipa, dzinalo limakoperedwa ngati mawu otayipa, ndipo siginecha imangotchulidwa kuti ilipo, ndi mtundu wa inki yake. Ngati palibe dzina lotayipa ndipo zilembo zake siziwerengeka, kope limanena kuti siginecha siikuwerengeka. Kudziwa amene anali bwanamkubwa wa bomalo chaka chimenecho sikukwanira, chifukwa makalata ambiri ankasainidwa ndi wothandiza wake, ndipo kaliwu kosonyeza kuti wasaina m'malo mwa bwana kamakhala kakang'ono, kolembedwa pamanja patsogolo pa udindo, pamalo pomwe mchira wa siginecha umakonda kudutsa. Kaliwu kameneka kayenera kufufuzidwa ndi galasi, popeza kamasintha yankho la funso lakuti ndani analamula. Dzina likadziwika poyerekeza ndi makalata ena a mufayilo, limaikidwa m'ndemanga pamodzi ndi kutchula kalata imene yaperekera umboniwo.

Pa mapangano ndi malisiti akale pamapezekanso sitampa yomata ya msonkho, imene munthu ankasaina moipingasa kuti isagwiritsidwenso ntchito. Sitampayo siimatulidwa pofuna kuona za pansi pake. Kuwala kochokera kumbuyo nthawi zina kumaonetsa zilembozo, ndipo kukalephera, kope limasonyeza mpata monga pa chidindo.

Kufunafuna mnzake wa kalata

Kalata ya boma siinkatayipidwa imodzi. Mlembi ankaika pepala la kaboni pakati kuti kope litsale mufayilo ya ofesi yotumiza, ndipo ngati panali ena ofunika kudziwitsidwa, mayina a maofesi awo amalembedwa pansi kumanzere. Kope la kaboni lija silinayende ulendo wa kalata yoyamba, choncho lilibe chidindo cha tsiku lolandirira, ndipo nthawi zambiri lilibenso cha ofesi yotumiza. Zilembo ziwiri zimene zakanika pa tochi, parula ndi pakompyuta zikhoza kukhala poyera pamenepo. Chimene chimalondolera wofufuza ku kope limenelo ndi nambala ya fayilo yolembedwa pamwamba pa kalata, ndiye nambalayi iyenera kukoperedwa mosamala koposa, ndi timizere ndi timadontho take tonse.

Mafayilo akale a boma amasungidwa ku National Archives of Malawi ku Zomba, nyumba imene inatsegulidwa mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives. Si zonse zimene zilipo. Moto umene unatentha maofesi a likulu la boma ku Zomba mu 1919 unaononga zikalata zambiri za zaka za m'mbuyo mwake, ndipo pa makalata a nthawi imeneyo kope limene banja kapena mishoni inasunga likhoza kukhala lokhalo. Yankho la kalata, likapezeka, limathandizanso, chifukwa alembi ankayamba ndi kutchula tsiku ndi nambala ya kalata imene akuyankha, ndipo kawirikawiri ankabwereza mfundo yake. Mawu opezeka mwa njira imeneyi amalowa m'kope ali m'mabulaketi, ndipo ndemanga imatchula kumene achokera.

Kope likatha, munthu wachiwiri amaliwerenga moyerekeza ndi kalata. Pamalo ophimbika ayenera kunena zimene iye akuona asanauzidwe zimene woyamba analemba, chifukwa diso likauzidwa kuti apa pali 8, limaonadi 8. Awiriwo akasiyana, malowo amaikidwa chizindikiro cha funso. Pansi pa kope pamalembedwa dzina la wokopera, tsiku, kumene kalata yoyamba ikusungidwa, ndiponso ngati anagwiritsa ntchito kalata yeniyeni kapena chithunzi chake. Kopelo limayenda limodzi ndi chithunzi cha kalata m'mitundu yake yonse, ndipo sililowa m'malo mwa kalata yoyamba, imene iyenera kusungidwa yosapinda, pamalo ouma, mufayilo ya pepala.